Wa ku Rumphi ndi wa ku Dedza awerenge chiyani asanalowe m'banja?

Tinene kuti mnyamata wa ku Rumphi watomera mtsikana wa ku Dedza. Kwawo kwa mnyamata amalowola, mkazi amatsatira mwamuna ndipo ana amakhala akuchimuna. Kwawo kwa mtsikana kuli chikamwini, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Poti awiriwa akakhala pa lendi ku Lilongwe, amaganiza kuti zakumudzizi sizidzawakhudza. Zidzawapeza tsiku limene apongozi adzatumize uthenga wofuna ndalama za feteleza.

Buku loyambira ndi *I Married You* la Walter Trobisch, m'busa wa ku Germany amene anatumikira ku Cameroon. Linatuluka mu 1971, ndipo nkhani yake ikuchitikira mumzinda wina wa mu Africa. Trobisch akumasulira Genesis 2:24, makamaka nkhani yosiya makolo, ndipo akutsutsa maganizo akuti mkazi ndi munda umene mwamuna wagula kuti abzalemo ana. Kwa iye, banja lopanda mwana ndi banja ndithu. Apa awiriwa asathamange. Afunsane maso ndi maso: mphatso ya mwana ikachedwa, azakhali a mnyamata n'kuyamba kukumbutsa za ng'ombe zimene zinapita, adzawayankhe ndani? Nanga kusiya makolo kukutanthauzanji kwa mwana woyamba kubadwa amene akulipirira azing'ono ake sukulu?

Lachiwiri ndi *Saving Your Marriage Before It Starts* la Les ndi Leslie Parrott a ku America, la mu 1995. Phindu lake lili pa malamulo a m'nyumba amene munthu amakula nawo koma sanawamvepo akutchulidwa. Bukuli lili ndi timabuku ta mafunso, ka mwamuna ndi ka mkazi, ndipo njira yake ndi yoyenera kuitengera. Awerenge mutu umodzi pa mlungu, aliyense alembe payekha mmene zinkakhalira kwawo, kenako asinthane mapepala. Mnyamata angalembe kuti mbale akabwera amakhala mpaka atafuna yekha kubwerera, pamene mtsikana walemba kuti kwawo mlendo amayamba waimba foni. Angapezenso kuti kwa wina ndalama ankasunga ndi mayi, kwa wina bambo sankaulula n'komwe malipiro awo. Mayankho akamangofanana mlungu ndi mlungu, dziwani kuti wina akungolemba zokondweretsa mnzake.

Mabuku onsewa ndi a m'Chingerezi ndiponso achikhristu, ndipo la a Parrott silidziwa ankhoswe. Limaona ngati banja ndi la anthu awiri okha. Choncho mafunso amene awakanika, monga kumene adzamange nyumba ya kumudzi, mtundu umene ana adzatsate ndi kumene adzaikidwe wina akatsogola, awalembe papepala lina. Pepalalo alitengere kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pamodzi, makadi a ukwati asanasindikizidwe.