Khadi limodzi, mafunso anayi: kupima ngati chipatala chili bwino

M'chaka cha 1996, chipatala cha ana cha Duke mumzinda wa Durham ku North Carolina, m'dziko la America, chinaluza ndalama zokwana madola 11 miliyoni. Akuluakulu a zachuma anayamba kudula apa ndi apo, ogwira ntchito anayamba kunyinyirika, ndipo makolo a ana odwala nawo sankasangalala. Madokotala ankaona kuti anthu a mu ofesi saganizira za odwala, pomwe a mu ofesi ankaona kuti madokotala amamwaza ndalama ngati zimachita kutoledwa. Onsewa ankanena zoona, kungoti aliyense anali ndi manambala akeake ndipo sankaona a mnzake.

Dokotala wamkulu wa pamalopo, Jon Meliones, anabwereka njira yomwe Robert Kaplan wa ku Harvard ndi mnzake David Norton anafalitsa mu 1992, yotchedwa balansidi sikokadi. Ndi khadi limodzi lokhala ndi miyeso yochepa, yogawidwa m'mbali zinayi: chuma, anthu otumikiridwa, kayendetsedwe ka ntchito, ndiponso kuphunzira ndi kukula kwa ogwira ntchito. Malinga ndi zomwe Meliones analemba mu 2000, masiku omwe mwana ankagona m'chipatala anatsika kuchoka pa 7.9 kufika pa 6.1, ana obwereranso atatulutsidwa anachepa, ndipo chipatala chomwe chinkaluza chija chinatsala ndi madola 4 miliyoni pachaka.

Kaplan ndi Norton anapangira njirayi makampani ofuna phindu, ndipo dandaulo lawo linali loti malipoti a ndalama amangonena zomwe zachitika kale. Mukamaona kuti ndalama zatsika, ndiye kuti cholakwika chinachitika miyezi ingapo yapitayo. Namwino amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Sangapime kutentha kwa thupi kokha n'kunena kuti wodwala ali bwino. Amawerenganso kapumidwe, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa chimodzi chikhoza kuoneka bwino pamene china chikuchenjeza kuti zinthu zikuipa.

Nanga khadi loterolo limapangidwa bwanji? Tiyerekeze chipatala cha mishoni chakumudzi kwathu kuno, chomwe odwala amalipirako kangachepe, ndipo chithandizo china cha amayi ndi ana chimalipiridwa ndi boma kudzera mu mgwirizano. Titengepo wodi ya ana yokha, ya mabedi 40. Manambala onse a wodi imeneyi ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kenikeni.

Poyambira si pa miyeso ayi. Poyambira ndi pa chiganizo chimodzi chonena chomwe wodiyo ikufuna kusintha m'zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi. Pano tinene kuti: ana obwera ndi malungo aakulu kapena chibayo asamamwalire m'maola 24 oyambirira. Chiganizo chimenechi ndicho chimasankha miyeso. Popanda icho, komiti imangosonkhanitsa manambala onse omwe alipo kale m'marejisitala, n'kuwaika m'mabokosi anayi, n'kumati yapanga khadi.

Chipatala kapena sukulu imasiyana ndi kampani pa chinthu chimodzi chachikulu. Ku kampani chuma chimakhala pamwamba pa khadi, popeza ndiye cholinga. Ku chipatala pamwamba pamakhala wodwala, ndipo chuma chimatsika kukhala chothandizira. Choncho funso loyamba n'lakuti: mwana ndi mayi ake akuona zotani? Apa tingaike miyeso itatu. Woyamba ndi chiwerengero cha ana omwalira m'maola 24 oyambirira pa ana 100 alionse ogonekedwa. Wachiwiri ndi ana obwereranso ndi matenda omwewo pasanathe masiku 30. Wachitatu ndi amayi omwe potuluka amatha kufotokoza bwino momwe akamwetsere mankhwala kunyumba. Muyeso wachitatuwu ndimaukonda kuposa funso lija loti "Kodi mwakhutira?", chifukwa mayi wakumudzi akafunsidwa ndi namwino yemwe wamusamalira mwana, ulemu umamuchititsa kuyankha kuti inde ngakhale atagona pansi masiku anayi. Koma akafunsidwa kuti, "Mayi, mankhwalawa mukamwetsa kangati patsiku?", yankho lake limaulula ngati anamufotokozera kapena ayi.

Funso lachiwiri n'lakuti: ndi ntchito ziti zomwe tikazigwira bwino zotsatira zija zingasinthe? Pa mwana wa malungo aakulu nkhani yagona pa nthawi. Ndiye tipime mphindi zomwe zimadutsa kuchokera pamene mwana walowa pageti kufika pamene wabayidwa jakisoni woyamba wa atesuneti. Kuti muyesowu utheke pamafunika wotchi pakhoma ndi munthu wolemba nthawi yofikira pa khadi la wodwala, apo ayi muyesowo ungokhala wa pakamwa. Wina ndi masiku omwe mankhwala ofunikira kwambiri anatheratu m'famase. Simufunika kulondola mankhwala onse. Musankhe khumi okha, monga atesuneti, amokisilini ndi madiripi, ndipo muwerenge pa sitoko khadi masiku omwe panalembedwa ziro.

Funso lachitatu ndi la anthu ogwira ntchitoyo, ndipo mbali imeneyi ndi yomwe imalembedwa mwaulesi m'makhadi ambiri. Anthu amangolemba chiwerengero cha mawekishopu omwe antchito apitako. Wekishopu si luso. Funso labwino n'lakuti: mwa mashifiti a usiku a mwezi uno, ndi angati omwe munali munthu wophunzitsidwa kusankhula ana odwalitsitsa pamzere ndi kuwathandiza mwachangu? Ngati anamwino asanu ndi mmodzi anaphunzira koma onse amagwira masana, lipoti la maphunziro lioneka lokongola pamene mwana wofika 2 koloko usiku akudikira pabenchi. Muyeso wina ndi wa antchito osiya ntchito pachaka, chifukwa namwino wodziwa akachoka amapita ndi luso lake lonse.

Chuma chimabwera pomaliza, koma si chopepuka. Miyeso iwiri ikukwana: ndalama zomwe wodi imawononga pa mwana mmodzi wogonekedwa, ndi masiku omwe amadutsa chipatala chisanalandire ndalama zomwe chinatumizira invoisi. Yonse pamodzi yakwana miyeso isanu ndi inayi. Kaplan ndi Norton ankalangiza kuti khadi la bungwe lonse likhale ndi miyeso pafupifupi 20 kapena kupitirirako pang'ono; wodi imodzi siyenera kufika pamenepo.

Tsopano werengani khadilo kuchokera pansi kupita pamwamba, muone ngati likunena nkhani yomveka. Invoisi ikalipiridwa msanga, famase igula mankhwala pa nthawi yake. Mankhwala akakhalapo ndipo usiku kukakhala namwino wodziwa, jakisoni woyamba abayidwa mwachangu. Jakisoni akafulumira, ana ochepa amwalira tsiku loyamba. Muyeso uliwonse womwe sukulowa mu unyolo umenewu uchotsedwe, ngakhale utakhala wosavuta kuwerenga. Unyolowu ndi maganizo chabe mpaka manambala atauvomereza. Ngati patapita miyezi isanu ndi umodzi jakisoni akufulumira koma imfa sizikutsika, ndiye kuti vuto lili kwina, mwina kusowa kwa magazi oika ana kapena okisijeni, mwinanso ana akufika mochedwa kuchokera kumidzi, ndipo khadi liyenera kusintha.

Phindu lenileni la khadili limaoneka pamene miyeso iwiri ikukokana. M'mwezi wa masiku 30, mabedi 40 amapereka malo ogona 1,200. Tinene kuti ana anagona masiku 960 onse pamodzi, ndipo otuluka anali 240. Kugawa 960 ndi 240 kukupereka masiku 4 pa mwana aliyense, ndipo mabedi anali odzaza 80 peresenti. Obwereranso anali 12, kutanthauza 5 pa 100 alionse. Ndiye bodi ya chipatala yalamula kuti masiku ogona atsike pofuna kupulumutsa ndalama. Mwezi wotsatira ana 240 agona masiku 720, atatu pa mwana, ndipo mtengo wa mwana mmodzi watsika. Wa zachuma aombera m'manja. Koma ngati obwereranso akwera kufika pa 30, omwe ndi 12.5 pa 100, ndiye kuti ana akutulutsidwa asanachire, ndipo ndalama zomwe zaoneka ngati zapulumuka zidzawonongeka akabweranso atadwalitsitsa. Chomwe chimachititsa nkhani ya ku Duke kukhala yokhulupirika n'chakuti masiku ogona ndi chiwerengero cha obwereranso zinatsikira limodzi. Chikadatsika chimodzi chokha, sibwenzi tikuikamba. N'chifukwa chake muyeso uliwonse wa liwiro kapena wa ndalama uyenera kukhala ndi mnzake wouyang'anira, ndipo awiriwo aziwerengedwa pa tsamba limodzi, pa msonkhano umodzi.

Zimenezi zikasowa, zotsatira zake zimakhala zomvetsa chisoni. Ku England boma linaika lamulo loti odwala obwera mwadzidzidzi azithandizidwa pasanathe maola anayi. Kudikira kunachepadi, koma m'zipatala zina odwala ankasungidwa m'maambulansi panja kuti wotchi isayambe kuwerenga. Pachipatala cha Stafford, pakati pa 2005 ndi 2009, akuluakulu analimbikira zochepetsa ndalama ndi kukwaniritsa manambala omwe boma linkafuna, pamene odwala m'mawodi ankasiyidwa osasambitsidwa ndiponso osapatsidwa madzi akumwa. Kafukufuku wa Robert Francis, yemwe lipoti lake lomaliza linatuluka mu 2013, anapeza kuti madandaulo a odwala ndi abale awo sankamveredwa. Mbali ya wodwala inalipo, koma panalibe woiwerenga.

Chinyengo cha manambala chili ndi zizindikiro zake. Muyeso ukadumpha mwadzidzidzi m'mwezi womwe mwalengeza kuti padzakhala mphoto, kaikirani. Ngati chandamale ndi mphindi 30 ndipo makhadi ambiri alembedwa 29 kapena 30 ndendende, ndiye kuti wina akulemba nthawi pambuyo pake. Imfa za m'wodi zikatsika pamene ana otumizidwa ku chipatala chachikulu achuluka, mwina ana odwalitsitsa akungokankhiridwa kwina kuti akamwalirire pa rejisitala ya ena. Pa chifukwa chimenechi sindilimbikitsa kumangirira alawansi pa khadi m'chaka choyamba. Antchito akadziwa kuti nambala yoipa iwadyera ndalama, amakonza nambalayo m'malo mokonza ntchito.

Muyeso uliwonse ulembedwe ndi zinthu zisanu pambali pake: tanthauzo lake lenileni, buku lomwe nambalayo ichokere, pomwe tili lero, pomwe tikufuna kufika, ndi dzina la munthu mmodzi woyankhapo. Tanthauzo ndi lomwe limavuta. Kodi mwana wobwerera ndi chilonda cha moto, atagonekedwa kale ndi malungo, awerengedwe ngati wobwereranso? Gwirizanani zimenezi musanayambe, ndipo muwerenge miyezi itatu yapitayo kuti mudziwe pomwe mwaima musanaike chandamale. Mafunso a kwa amayi otuluka azifunsa munthu wosavala yunifolomu, monga wa m'komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira chipatala, ndipo kamodzi pa miyezi itatu wina wochokera ku wodi ina atenge makhadi a odwala 20 mosasankha, awayerekeze ndi zomwe zalembedwa pa lipoti.