Kwacha Ikagwedezeka: Werengani Matumba, Osati Ndalama Zokha

Mlimi wa ku Msoro kapena ku Jumbe akhoza kukalamba osagwirapo dola m'manja mwake, koma dolayo imamufikira chaka ndi chaka. Imabwera m'thumba la feteleza, m'botolo la mankhwala a thonje, m'dizilo wa kuchigayo, ndiponso m'ndalama zimene mwana wake amatumiza kuchokera ku Joni. Nkhani ino ikulongosola mmene kusintha kwa mphamvu ya kwacha kumakhudzira zimenezi, kuti mudziwe chofunsa musanagule ndi musanalandire.

Chimene chimagwedeza kwacha

Dola ili ngati chimanga pamsika: ikasowa imakwera mtengo, ikachuluka imatsika. Madola ambiri a dziko lathu la Zambia amachokera ku mkuwa, umene umabweretsa pafupifupi magawo 70 mwa 100 a ndalama za malonda akunja. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 2015, dola imene inali pa K6 ndi kanthu mu Januwale inapitirira K12 chaka chisanathe. Mu 2020, chaka chimene boma linalephera kulipira ngongole zina zakunja, dola inachoka pa K14 kufika pa K21. Koma kwacha imathanso kubwerera. Pakati pa 2021 dola inali pamwamba pa K22, ndipo patapita masabata ochepa chisankho cha mu Ogasiti chitachitika inatsika kufika cha m'ma K16.

Dola ikamafuna makwacha ambiri, timati kwacha yafooka. Ikamafuna ochepa, timati yalimba.

Magawo awiri a mtengo wa thumba

Feteleza wa yureya wambiri wakhala akuchokera kunja. Amatsikira pa madoko monga a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola. Ngakhale wa D kompaundi wosakanizidwa m'dziko muno amadalira zipangizo zogulidwa kunja. Choncho mtengo wa thumba uli ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi la madola: kugula fetelezayo ndi kumufikitsa m'dziko. Lachiwiri ndi la makwacha: malipiro a antchito, lendi ya sitolo, phindu la wogulitsa, ndi kunyamula kuchokera ku Chipata kutsikira kuchigwa kuno. Kwacha ikasuntha, gawo loyamba limasuntha nayo pomwepo, pamene lachiwiri limatsalira.

Tiyeni tiwerengere pamodzi ndi manambala achitsanzo chabe. Tinene kuti gawo la madola la thumba la makilogalamu 50 ndi madola 30, ndipo gawo la makwacha ndi K250. Dola ikakhala pa K27, thumbalo ndi K810 kuwonjezera K250, pamodzi K1,060. Kwacha ikalimba kufika pa K22.50, gawo la madola limakhala K675, ndipo thumba liyenera kukhala K925.

Ndalama za ku Joni

Tsopano taganizirani banja la ku Masumba limene mwana wawo amatumiza marandi 2,000. Mtengo wa randi m'makwacha umapezeka poona mmene ndalama zonse ziwirizi zilili ndi dola. Ngati dola ndi marandi 18, komanso ndi K27, ndiye kuti randi imodzi ndi K1.50, ndipo banjalo lilandira K3,000. Matumba atatu pa K1,060 ndi K3,180, likupereweredwa K180.

Kwacha ikalimba kufika pa K22.50, randi isanasinthe, randi imodzi ikhala K1.25. Mwanayo watumiza marandi omwewo, thukuta lake ndi lomwelo, koma kunyumba kwafika K2,500. Matumba atatu pa K925 ndi K2,775. Tsopano kupereweraku kwafika pa K275. Banjalo laluza pang'ono, chifukwa ndalama zotumizidwa zinatsika zonse, pamene thumba linatsika gawo la madola lokha.

Kusiyana kumakula ngati ndalamazo zikugwira ntchito zolipiridwa m'makwacha okhaokha. Pa ganyu wa K100 pa tsiku, K3,000 ilipira masiku 30 a kupalira, koma K2,500 ilipira masiku 25. Apa ndi pamene mabanja ena amayambana, makolo kumaganiza kuti mwana wayamba kuumira. Musanadandaule, funsani kuti anatumiza marandi angati ndipo randi inali pa mtengo wanji tsiku limenelo.

Kwacha ikafooka, zinthu zimatembenuka. Wolandira marandi amaona makwacha ambiri, koma asakondwere msanga: pa feteleza, mankhwala ndi sipeya ya njinga yamoto, zambiri mwa ndalama zowonjezerekazo zimadyedwa ndi mitengo yatsopano. Phindu lenileni limakhala pa zinthu za konkuno, ndipo nalonso limatha miyezi ikamapita, mitengo yonse ikayamba kutsatira.

Chifukwa chake mitengo imakwera msanga, n'kutsika mochedwa

Kwacha ikafooka, wogulitsa amakweza mtengo ngakhale pa katundu wakale, poti akuganizira ndalama zimene adzaodere katundu wina. Ikalimba, amati matumba amene ali nawo anagulidwa pa dola yodula, ndipo sangatsitse mpaka atatha. Kuchigwa kuno, kumene masitolo ndi ochepa ndiponso katundu amayenda pang'onopang'ono, kuchedwaku kumatalika. Banja la ku Masumba lija likapeza thumba likadali pa K1,060 pamene lalandira K2,500, lipereweredwa K680 pa matumba atatu. Nthawi yovuta kwambiri kwa wolandira ndalama zakunja ndi imeneyi: kwacha yangolimba kumene, koma mitengo ya m'sitolo sinamve.

Mlimi wa thonje amakumana ndi zofananazo. Mankhwala amatengedwa pa ngongole nthawi ya dzinja, thonje ndi kugulitsidwa cha mu Meyi mpaka Julayi. Popeza thonje limagulitsidwa kunja m'madola, kwacha ikalimba pakati pa nyengo ziwirizi mlimi amabweza ngongole ya dola yodula ndi thonje la dola yotsika.

Mmene mungadziwire ngati ndi kwacha kapena china

Si kukwera konse kumene kumachokera ku kwacha. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza m'madola momwemo, padziko lonse. Muyeso wake ndi uwu: kufooka kwa kwacha pakokha sikungakweze thumba koposa mmene dola yakwerera. Dola ikakwera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, thumba la K1,000 siliyenera kupitirira K1,100. Likafika pa K1,400, pali chinanso: mtengo wakunja, kusowa kwa katundu mvula ikayandikira, kapena phindu la wogulitsa. Pamenepo funsani mitengo ya ku Chipata musanagule, mutawerengera ndi zoyendera.

Potumiza ndalama, mtengo umene Banki Yaikulu ya Zambia imalengeza si umene mudzalandire. Makampani otumiza ndalama amadula malipiro awo, ndiponso amasinthira pa mtengo wawo wotsikirapo. Pa marandi 2,000, akachotsa 100 ndi kusintha otsalawo pa K1.45 m'malo mwa K1.50, pafika K2,755, osati K3,000. Choncho wotumiza afunse funso limodzi kwa makampani awiri kapena atatu: “Ndikapereka marandi 2,000, kunyumba alandira makwacha angati?”

M'kaundula wanu wa pamunda onjezerani mizere itatu: tsiku, mtengo wa dola tsiku limenelo, ndi mtengo wa thumba m'sitolo. Kwacha ikamafooka ndipo ndalama za feteleza zili m'manja, gulani msanga ndi kusunga matumbawo pouma, pamwamba pa matabwa. Ikangolimba kumene ndipo nthawi yobzala ikadali patali, dikirani katundu watsopano. Koma mvula ikayandikira, lekani kudikira, pakuti feteleza wothiridwa mochedwa amaluzitsa zambiri kuposa K135 imene mukanapulumutsa pa thumba.