Mukatha kuchonga mayeso, funsani ngati mafunsowo akhoza

Aphunzitsi ambiri akatha kuchonga mayeso osankha yankho pa A, B, C ndi D, amalemba malikisi m'buku n'kubweza mapepala. Pamenepo aweruza ophunzira, koma mafunso aja sanaweruzidwe. Funso lolembedwa molakwika limatha kulanda malikisi mwana amene akudziwa, n'kupatsa amene wangolota. Nkhaniyi ikukhudza inu amene mukukonzekeretsa ana a Sitandade 8 mayeso a MANEB ku Ngabu, Nchalo kapena Bangula, inu ophunzitsa anamwino ndi azamba ku Trinity ku Muona, komanso inu amene mumayesa anthu ongodzipereka pa zaumoyo akatha maphunziro awo. Funso lililonse lingathe kuyesedwa ndi manambala awiri: yoonetsa kulimba kwake, ndi yoonetsa ngati likusiyanitsa odziwa ndi osadziwa. Zofunika ndi mapepala ochongawo, cholembera ndi kakyuleta ya pa foni.

Kusanja mapepala

Tiyerekeze kuti muli ndi ana 74 mu Sitandade 8, ndipo alemba mafunso 40 okhudza matenda ndi ukhondo. Musanabweze mapepala, asanjeni kuyambira wamalikisi ambiri mpaka wamalikisi ochepa. Kenako tengani mapepala 20 apamwamba, muwaike mulu umodzi, ndi 20 apansi penipeni, muwaike mulu wina. Mapepala 34 apakati aikeni padera.

Nambala ya 20 yachokera pa 27 peresenti ya ana 74. Gawo limeneli analipereka katswiri wa ku America, Truman Kelley, mu 1939. Mukatenga ana ochepa kwambiri kumbali iliyonse, mwana mmodzi yekha amasokoneza zotsatira. Mukatenga ochuluka, milu iwiriyo imayamba kufanana chifukwa mwaloŵetsa ana apakati. Pa 27 peresenti m'pamene mavuto awiriŵa amachepa. Ngati masamuwo akukuchedwetsani, kutenga kotala ya kalasi kumbali iliyonse kumagwiranso ntchito.

Tsopano lembani mizere papepala. Pa funso lililonse, ŵerengani ana a mulu wapamwamba amene anasankha A, B, C ndi D, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi mulu wapansi. Musaŵerenge okhoza okha, chifukwa mayankho olakwika nawo ali ndi zoti akuuzeni.

Funso limene lagwira ntchito

Titenge funso ili, limene talitembenuzira m'Chicheŵa: paketi imodzi ya Thanzi ORS imasungunulidwa m'madzi ochuluka bwanji? A ndi theka la lita, B lita imodzi, C malita awiri, D malita asanu. Yankho lolondola ndi B. Mu mulu wapamwamba ana 17 asankha B, mmodzi A, awiri C. Mu mulu wapansi ana 8 asankha B, 7 asankha A, 5 asankha C. Palibe amene wasankha D.

Kuti mupeze kulimba kwa funso, phatikizani okhoza a milu yonse iwiri, mugaŵe ndi ana onse a m'miluyo: 17 ndi 8 ndi 25, ndipo 25 kugaŵa ndi 40 ndi 0.63. Ndiye kuti ana pafupifupi 63 mwa 100 alionse angakhoze funsoli. Chenjerani apa: nambalayi ikakula, funso ndi lophweka, ikachepa, ndi lolimba. Mafunso a pakati pa 0.30 ndi 0.80 ndiwo kaŵirikaŵiri amathandiza kwambiri poyesa kalasi.

Kuti mupeze kusiyanitsa, chotserani okhoza apansi pa okhoza apamwamba, mugaŵe ndi ana a mulu umodzi: 17 kuchotsera 8 ndi 9, ndipo 9 kugaŵa ndi 20 ndi 0.45. Nambala imeneyi imayambira pa -1 kulekezera pa 1. Malire amene ambiri amatsata, ochokera kwa katswiri wina wa mayeso, Robert Ebel, ndi aŵa: 0.40 kupita m'mwamba ndi funso labwino kwambiri, 0.30 mpaka 0.39 ndi labwino, 0.20 mpaka 0.29 likufunika kukonzedwa. Pansi pa 0.20 liunikidwe bwinobwino kapena lichotsedwe. Choncho funso la Thanzi ndi loyenera kulisunga.

Komabe onaninso mayankho olakwika aja. D sanakope munthu, kotero funsoli linali ndi mayankho atatu okha, ndipo mwana wolota anali ndi mwayi woposa umene munafuna. M'malo mwake ikani china chimene mwana wosatsimikiza angachikhulupirire, monga kapu imodzi. Nayo A yakopa ana 7 apansi, ndipo ichi si chongolemba m'buku. Kuthira paketi yonse m'theka la lita kumachulutsa mchere, zimene zingavulaze khanda lotsekula m'mimba. Kwathu kuno, kumene kolera anavuta mu 2022 ndi 2023, ana amenewo afunika kuphunzitsidwanso maŵa, botolo la lita lili pamanja.

Funso limene likupereka odziwa

Funso lachiŵiri likuti: ndi matenda ati amene amafala kudzera m'madzi? A ndi kolera, B likodzo, C chikuku, D chifuwa chachikulu. Papepala lanu la mayankho munalemba A. Mu mulu wapamwamba ana 7 okha ndiwo asankha A, 12 asankha B, mmodzi D. Mu mulu wapansi 13 asankha A, 4 asankha B, awiri C, mmodzi D.

Okhoza onse ndi 20 mwa 40, choncho kulimba ndi 0.50. Mukanayang'ana nambala iyi yokha, mukanati funsoli lili pakati penipeni, ndi labwino. Koma 7 kuchotsera 13 ndi -6, ndipo kugaŵa ndi 20 kukupereka -0.30. Ana amene akhoza bwino mayeso onse ndiwo agwa pa funso limeneli. Nambala ikatsika pansi pa ziro chonchi, yambani kukayikira funso, musanakayikire ana.

Choyamba onani ngati pepala la mayankho lili bwino, popeza kulemba A m'malo mwa B pokopera n'kosavuta. Apa si choncho. Onani kumene ana apamwamba athaŵira: pafupifupi onse aunjikana pa B. Iwo akudziwa kuti likodzo limaloŵa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza m'madzi momwe muli nkhono, monga m'madambo a m'mbali mwa Shire ndi m'ngalande za mthirira. Ndiye kwa iwo mayankho olondola analipo awiri. Ana apansi anangokumbukira liwu limene amalimva kaŵirikaŵiri pa wailesi n'kukhoza.

Chilungamo chake n'kupereka malikisi kwa onse a A ndi a B, kapena kuchotsa funsolo n'kuŵerengeranso pa mafunso 39. Kwa wophunzira unamwino amene wapereŵera ndi likisi imodzi, ichi chingasiyanitse kukhoza ndi kubwereza. Kenako konzani funso: lifunse za matenda amene amafala munthu akamwa madzi osatetezedwa. Pamenepo yankho latsala limodzi.

Nambala ikakhala pafupi ndi ziro

Kusiyanitsa kochepa sikutanthauza chinthu chimodzi nthaŵi zonse, choncho muziŵerenga manambala awiriwo pamodzi. Funso lofunsa chimene chimafalitsa malungo akhoza ana 20 apamwamba ndi 19 apansi. Kulimba ndi 0.98, kusiyanitsa ndi 0.05. Funsoli silingasiyanitse aliyense chifukwa pafupifupi onse akudziwa kuti ndi udzudzu. Ngati cholinga chanu chinali kutsimikiza kuti kalasi yonse yagwira mfundo imeneyi, lagwira ntchito yake. Pophunzitsa za zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera, mafunso otere ndi amene mukufuna kuti aliyense akhoze. Vuto limabwera pokhapokha theka la mayeso likakhala la mtundu umenewu.

Funso lina akhoza ana 6 apamwamba ndi 5 apansi. Kusiyanitsa ndi 0.05 yomweyo, koma kulimba ndi 0.28. Pa mayankho anayi, kalasi yongolota imakhoza pafupifupi 0.25, kotero apa ana onse akulota. Mukaona kuti amwazikana mofanana pa A, B, C ndi D, yang'anani m'buku lanu la zimene munaphunzitsa. Mwina mutuwo unagwera m'masabata amene sukulu inatsekedwa, monga zinachitikira namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, makalasi ena atasanduka pogona anthu othaŵa madzi. Mwinanso chapinga ndi chiyankhulo. Mwana woyankhula Chisena kapena Chimang'anja kunyumba amalemba mayeso ambiri a Sitandade 8 m'Chingerezi, ndipo kaliwu kamodzi kotanthauza "kupatula" kangatembenuze funso lonse iye osazindikira. Njira yachidule yodziŵira ndi kuitana ana atatu apamwamba n'kuwafunsa funso lomwelo pakamwa m'Chicheŵa. Akayankha bwino, funso lija linayesa Chingerezi osati sayansi.

Pamene manambala anganame

Njirayi ili ndi malire ake. M'kalasi ya ophunzira 20, milu imakhala ya anthu asanu okha, ndipo munthu mmodzi akasintha yankho nambala imasuntha ndi 0.20. Pamenepo gaŵani kalasi yonse pakati, 10 ndi 10, ndipo musataye funso chifukwa cha mayeso amodzi. Dikirani muone mmene lichitire ndi gulu lotsatira.

Kuonerana nako kumabisa chilungamo. Ana atatu akapanikizana padesiki limodzi, yankho la wodziwa limayenda, ndipo mafunso ambiri amaoneka ngati sakusiyanitsa. Mukaona manambala otsika pa mayeso onse, yambani mwaganizira mmene ana anakhalira. Mafunso omalizira akasiyidwa osayankhidwa ndi ana ambiri, vuto ndi nthaŵi, si mafunsowo. Kumbukiraninso kuti mulu wapamwamba mwaupeza ndi malikisi a mayeso omwewo. Ngati mayesowo ali ndi mafunso khumi okha, kapena asakaniza masamu ndi zaumoyo, milu yanu siidalirika kwenikweni.

Funso lililonse limene mwaliunika lilembeni m'kope lapadera, pamodzi ndi tsiku, kalasi, manambala awiriwo ndi mmene ana anasankhira mayankho. Limene mwalikonza mulilembe ndi mawu ake atsopano, n'kusiya mpata wa manambala a ulendo wotsatira. Mafunso 40 angakutengereni masana amodzi, makamaka mukakhala aŵiri, wina akuŵerenga wina akulemba. Ngati nthaŵi ili yochepa, yambani ndi mafunso amene ana anadandaula nawo potuluka m'chipinda cha mayeso, ndipo musabweze mapepala musanakonze malikisi a funso lililonse limene latsika pansi pa ziro.