Timawu ta pansi pa chithunzi cha phala

Ndikamawerenga malipoti a mabungwe ophikira ana phala m'sukulu, maso anga amathamangira pa timawu ta pansi pa chithunzi, chifukwa opereka thandizo ambiri amayambira pomwepo. Kawirikawiri ndimapeza zoti "Ana osangalala akulandira phala." Kumwetulirako chithunzi chaonetsa kale. Mawuwo anene zimene kamera singajambule: boma, mwezi, kalasi, ndiponso kuti anadya ana angati.

Pa nambalapo m'pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti m'kaundula muli ana 800, koma amayi ophika amagawa makapu 650 patsiku. Lembani 650, poti ndiwo anamwadi phalalo. Ngati ufa wa chimanga ndi soya unachedwa kufika, masiku amene moto sunayake musawawerengere.

Samalaninso ndi mawu oti "chifukwa cha phala ana akhoza mayeso." Mwina chaka chomwecho kunabwera aphunzitsi atsopano. Mukati kujomba kwachepa, kaundula wa teremu ino ndi yapitayo akuikireni umboni.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'kuona mwana wanyamula kapu akutchedwa "wovutika." Adzakula, adzadziwerengera yekha. Chonde, yambani mwapempha chilolezo kwa makolo ake, ndipo dzina lake lonse musalilembe.