Mpando wopanda munthu m'holo ya mayeso

Nyengo ya mayeso a MANEB ikafika, kaya ndi a Sitandade 8 kapena a Fomu 4, ntchito ya oyang'anira imayamba dzulo lake. Amatenga choko ndi chingwe choyezera n'kulowa m'holo mukadali mopanda ophunzira, kuti aliyense akonzeredwe malo ake. Zimene amafuna ndi ziwiri: wolemba asathe kuona pepala la mnzake, ndiponso amene sanabwere adziwike msanga popanda kuitana mayina.

Titenge holo ya mamita 18 mulitali ndi mamita 10 mulifupi, ndipo olemba alipo 60. Kutsogolo amasiyako mamita atatu kuti pakhale tebulo la woyang'anira, bolodi ndi wotchi. Akamatalikitsa madesiki mita imodzi ndi theka mbali zonse, mumatuluka mizere isanu ndi umodzi, uliwonse wa anthu khumi, ndipo m'mbali mwa khoma mumatsala kanjira kodutsamo. Onse amayang'ana kutsogolo. Desiki ya anthu awiri, imene m'kalasi amapanikizanapo atatu, tsiku la mayeso ndi ya munthu mmodzi, ndipo onse akhale kumbali imodzimodzi ya madesiki awo. Mukawalekerera, wina asendera kumanja, mnzake wa mzere winawo kumanzere, mpata uja n'kutha.

Mizereyo amaipatsa zilembo, A mpaka F, ndipo mipando amaiwerenga kuyambira kutsogolo, 1 mpaka 10. Kenako manambala a mayeso amawayala mokhotakhota ngati njira ya njoka. Nambala 001 mpaka 010 zimatsika mzere A kupita kumbuyo, 011 imayambira kumbuyo kwa mzere B kubwera kutsogolo, 021 n'kuyambanso kutsogolo kwa mzere C. Potolera mapepala woyang'anira amangotsata njira yomweyo, ndipo pomafika kumapeto kwa mzere F mapepala amakhala atasanjika kale monga mwa kaundula. Nambala iliyonse imamatidwa pa desiki, ndipo chithunzi cha holo yonse chimajambulidwa papepala, china n'kukhomedwa pakhomo kuti ana asamayendeyende kufunafuna malo.

Tsono tinene kuti mayeso ayamba ndipo mpando wachisanu ndi chiwiri mu mzere B ulibe munthu. Woyang'anira sasowa kufunsa aliyense. Pachithunzi paja B10 ndi 011, B9 ndi 012, B8 ndi 013, choncho B7 ndi 014. Amachonga pamenepo, n'kulemba m'kaundula kuti 014 sanabwere. Pomaliza amawerenga: mapepala 59 ndi wojomba mmodzi, akwana 60, envelopu itsekedwe. Akapeza 58, amadziwa kuti pepala lina likadali m'holo, ndipo palibe wotuluka kufikira litapezeka.

Dongosolo lonseli limagwa ndi chifundo chaching'ono. Woyang'anira akaona mpando wopanda munthu kutsogolo, amauza wakumbuyo kuti, "Iwe, sendera kuno uziona bwino wotchi." Akatero chithunzi chija chayamba kunama. Nambala 013 wakhala pamalo a 014, wochonga ajombetsa amene wabwera, ndipo zotsatira zikadzatuluka mwana amene analemba adzapezeka alibe malikisi. Mpando wa wojomba uzikhala choncho mpaka pepala lithe. Ngati wina afunikadi kusuntha, monga wovutika kuona kapena amene denga likumudonthera, zilembedwe pachithunzi pomwepo.

Ku Fomu 4 kuli msampha wina. Chingerezi amalemba onse, koma maphunziro ena ndi osankha. Mukagwiritsa ntchito chithunzi chimodzi pa mapepala onse, tsiku la phunziro losankha mipando yambiri ikhala yopanda anthu, ndipo simudziwa kuti wajomba ndani, sanalembetse phunzirolo ndani. Ndi bwino pepala lililonse likhale ndi chithunzi chake, chochokera pa mndandanda wa amene analembetsa phunzirolo. N'zotopetsa ndithu, koma zimachitika kamodzi, mayeso asanayambe.

Sukulu ziwiri zikamalembera malo amodzi, pamakhala mwayi. Sukulu imodzi itenge mizere A, C ndi E, inayo B, D ndi F. Wakumanja ndi wakumanzere kwako amakhala mlendo amene simunapangane naye kanthu, ndipo likasa limavuta kudutsa. Potolera, aliyense wa oyang'anira awiri atsate mizere ya sukulu imodzi kuti mapepala asasakanikirane.

Chithunzicho sichitayidwa mayeso akatha. Ochonga akadzapeza mapepala awiri olakwitsa mofanana mawu ndi mawu, funso loyamba limakhala lakuti awiriwo anakhala pati. Ngati 014 ndi 027 anali B7 ndi C7, nkhani yayamba kumveka. Choncho oyang'anira asayinire chithunzi chilichonse, alembepo tsiku ndi dzina la pepala, n'kuchisunga pamodzi ndi kaundula.