Bondi ya K100,000 kugulidwa K78,935: masamu ake ndi otani?

Boma likafuna kubwereka ndalama kwa anthu ndi makampani, limagulitsa mabondi. Kuno kwathu, banki ya Reserve Bank of Malawi ndi imene imayendetsa malonda amenewa m'malo mwa boma. Bondi ndi chikalata cha ngongole chomwe chimalonjeza zinthu ziwiri: kukulipirani chiwongoladzanja chokhazikika, chotchedwa kuponi, nthawi ndi nthawi, komanso kubweza ndalama yonse yolembedwa pa chikalatacho tsiku lomaliza likakwana. Chodabwitsa ambiri n'chakuti mtengo wogulira chikalatachi kawirikawiri sufanana ndi ndalama yolembedwapo.

Gwero lake n'lakuti kwacha yodzalandira mtsogolo ndi yochepa mphamvu poyerekeza ndi kwacha ya m'manja. Wogula chimanga chidakali m'munda salipira mtengo wa pokolola, amatsitsa chifukwa cha kudikira. Pa bondi, chotsitsira chake ndi yiludi, phindu la pachaka lomwe wogula angapeze atasunga chikalatacho mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti bondi yalembedwa K100,000, kuponi yake ndi 10 peresenti pachaka, ndipo yatsala ndi zaka zitatu. Mwini wake adzalandira K10,000 pakutha pa chaka choyamba, K10,000 chaka chachiwiri, kenaka K110,000 chaka chachitatu, pamene kuponi yomaliza idzabwere limodzi ndi ngongole yonse. Koma lero pamsika anthu akufuna phindu la 20 peresenti pa ngongole yotere. Kodi mungalipire zingati?

Funso lenileni ndi ili: ndi ndalama zingati zomwe, mutaziika lero pa 20 peresenti, zingakule kufika pa malipiro aliwonsewo? Ndalama ikamakula ndi 20 peresenti imachulukitsidwa ndi 1.2 chaka chilichonse, choncho pobwerera m'mbuyo timagawa. K10,000 ya chaka choyamba tikaigawa ndi 1.2 ikutipatsa K8,333. Ya chaka chachiwiri tiigawa kawiri, kutanthauza ndi 1.44, n'kutsala K6,944. K110,000 ija tiigawa katatu, ndi 1.728, n'kukhala pafupifupi K63,657. Kuwonkhetsa zonse, mtengo ukufika pa K78,935. Amene ali ndi kompyuta angalembe mu Excel motere:

```
=PV(0.2,3,-10000,-100000)
```

Onani kuti kuponi sinasinthe, ndipo siingasinthe chifukwa idalembedwa kale. Wogulitsa alibe njira ina yokopera wogula wofuna 20 peresenti kupatula kutsitsa mtengo. Wogulayo adya kawiri: makuponi aja, ndiponso K21,065 yomwe ili pakati pa zomwe walipira ndi K100,000 yomwe adzabwezeredwe. Yiludi ikanakhala 10 peresenti, yofanana ndi kuponi, mtengo ukanakhala K100,000 ndendende. Ikanatsika kufika pa 8 peresenti, chikalata chomwecho chikanagulidwa K105,154.

Apa m'pamene pamapwetekera ofuna kugulitsa msanga. Mwagula lero pa K78,935, mawa lake chiwongoladzanja pamsika chakwera ndipo yiludi yafika 25 peresenti. Masamu omwe aja tsopano akupereka K8,000, K6,400 ndi K56,320, zonse pamodzi K70,720. Boma silinaphonye kulipira, koma mukagulitsa tsiku limenelo mwataya K8,215. Bondi ya zaka khumi imagwa kwambiri kuposa apa, popeza ndalama yake yaikulu ili kutali ndipo imagawidwa kambirimbiri.

Mabondi ambiri a boma salipira kuponi kamodzi pachaka, amalipira pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Zikatero, kuponi yathu ikhala K5,000, yiludi ikhala 10 peresenti pa theka la chaka, ndipo malipiro akhala asanu ndi limodzi. Mtengo ukutuluka K78,224. Ambiri amaphonya pomwepa: amadula kuponi pakati n'kuiwala kudula yiludi, kapena amaiwala kuika K100,000 pa malipiro omaliza. Njira yachangu yodziwira ngati mwasokoneza ndi yoyang'ana mbali yomwe yankho lagwera. Yiludi ikaposa kuponi, mtengo uyenera kuchepera ndalama yolembedwa. Ikachepera kuponi, mtengo upose. Ndiponso yankho likatsika modabwitsa, monga kufika pa K21,776, ndiye kuti ngongole yeniyeni yasiyidwa panja.

Ineyo ndimaona kuti yiludi anthu amaikhulupirira mopitirira. Kuti ndalama yanu ikuledi ndi 20 peresenti chaka ndi chaka, muyenera kusunga bondiyo mpaka tsiku lomaliza, wobwerekayo alipire pa nthawi yake, ndipo kuponi iliyonse muiikenso pamalo opereka 20 peresenti yomweyo. Masamuwa saŵerengeranso msonkho kapena kukwera kwa mitengo ya zinthu, chomwe chingadye phindu lonselo mitengo ikamakwera mofulumira kuposa yiludi.

Choncho wa kubanki akakuuzani mtengo wa bondi, mufunseni yiludi yomwe wagwiritsa ntchito, masiku olipirira kuponi ndi tsiku lomaliza, ndipo muŵerengetsere nokha musanasayine.