Fungo la m'jombo: chimene chimalibweretsa ndi mmene lingathere

Pali abambo ena amene akaweruka ku ntchito amayamba akhala pakhonde kuseri kwa nyumba, n'kuvulira jombo zawo komweko kuti ana asamve fungo. Ena akapita kukazonda wodwala amakana kukhala pamkeka, amati akuthamangira, chonsecho chimene akuopa ndi kuvula nsapato pagulu. Anthuwa ambiri ndi aukhondo, amasamba m'mawa ndi madzulo. Ndi alonda, omanga nyumba, amakanika ndi ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi nzimbe, amene mapazi awo amatsekeredwa m'jombo kapena m'magambuti tsiku lonse.

Mapazi awiri a munthu ali ndi timabowo totulutsa thukuta tokwana pafupifupi 250,000. Thukutalo palokha silinunkha, chifukwa mbali yaikulu ndi madzi ndi kamchere. Munthu akavala patapata, limauma ndi mphepo. Koma m'jombo yachikopa chokhuthala yokhala ndi chitsulo kumapeto, makamakanso m'gambuti ya labala, thukuta lilibe kolowera. Khungu la kuphazi limanyowa n'kufewa ngati la munthu amene wakhalitsa m'madzi pochapa. Mabakiteriya amene amakhala kale pakhungu la munthu aliyense amapeza malo ofunda ndi achinyezi, ndipo amaswana n'kumadya khungu lofewalo. Zimene amatulutsa akamadya ndizo zimanunkha. Choncho gwero la vutoli ndi chinyezi chimene sichipatsidwa mpata wouma.

Tiyerekeze ndi mlonda amene amagwira ntchito maola 12, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Ali ndi jombo peyala imodzi ndi masokosi opyapyala a nayiloni mapeyala awiri. Akafika kunyumba amakankhira jombozo pansi pa bedi, masokosi ali momwemo. Madzulo akamazivalanso, m'kati mumakhala mukadali monyowa. Patatha miyezi ingapo, khungu la pachidendene ndi la m'munsi mwa zala layera mbuu, likuterera akavula masokosi, ndipo pali timaenje ting'onoting'ono ngati pobooledwa ndi singano, tina talumikizana n'kupanga chigamba. Sipayabwa kwenikweni, koma fungo lake limadzaza chipinda. Iye wagula mankhwala opaka a mafangasi n'kupaka mwezi wathunthu, koma palibe chasintha.

Mankhwalawo alephera chifukwa matenda ake si a mafangasi. Timaenje totere, topezeka pamalo pamene phazi limapondera kwambiri, timabwera ndi mabakiteriya amene amakumba khungu lakunja. Njira yosavuta yotionera ndi kuviika phazi m'madzi kwa mphindi 10 kapena 15. Khungu likafewa, timaenjeto timaonekera bwino. Matenda a mafangasi ndi osiyana. Iwo amakonda pakati pa zala, makamaka pakati pa kachala komaliza ndi kotsatana nako, ndipo pamayabwa, pamasupuka, nthawi zina pamang'ambika n'kumanyerenyetsa. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndi bwino kuti wachipatala aone phazilo musanawononge ndalama.

Pa timaenje ta mabakiteriya, achipatala amapereka mankhwala opaka opha mabakiteriya, monga kilindamaisini kapena erithiromaisini, opaka kawiri pa tsiku. Nthawi zambiri fungo ndi timaenje zimatha pakati pa masabata awiri ndi anayi. Pa mafangasi, mankhwala opezeka mosavuta ndi kilotirimazo, wopaka kawiri pa tsiku kwa masabata anayi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kuyabwa kukangoleka pakatha masiku ochepa, amasiya kupaka, ndipo matendawo amabwerera. Pewaninso mafuta osakaniza mankhwala ambiri amene amagulitsidwa pamsika kuti amachiza nthenda iliyonse ya pakhungu. Ambiri amakhala ndi mankhwala oziziritsa kuyabwa, pamene mafangasi akufalikira mwakachetechete.

Komabe mlonda uja akachira n'kubwezera phazi m'jombo yonyowa yomwe ija, matenda adzamupezanso. Jombo imene yavalidwa tsiku lonse imafuna maola osachepera 24 kuti iume m'kati. Amene angathe akhale ndi mapeyala awiri, azisinthanitsa tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi peyala imodzi amasule zingwe zonse, akokere lilime la jombo kunja, atulutse kachiponde ka m'kati n'kukayanika pakokha, ndipo jomboyo aiike pamalo odutsa mphepo. M'nyengo ya mvula, kufinyira mapepala a nyuzi m'kati kumathandiza kuyamwa chinyezi. Akanyowa, muchotse n'kuikamo ena. Musaiyandikitse pambaula, chifukwa chikopa chimauma n'kusweka ndipo guluu amamatuka. Magambuti ndi osavuta: atsukeni m'kati ndi sopo, muwazondotse pa timitengo kuti madzi atsike.

Masokosi nawo ali ndi mbali yaikulu. Opyapyala a nayiloni sayamwa kanthu, phazi limangosambira m'thukuta. A thonje amayamwa bwino koma amachedwa kuuma, motero akanyowa ayenera kuvulidwa. A ubweya wa nkhosa ndi ena okhuthala opangira masewera amachotsa chinyezi pakhungu kuposa onsewa, ndipo pa kaunjika amapezeka. Chofunika koposa mtundu wa sokosi ndi kusintha. Tengani peyala yachiwiri m'chikwama, ndipo pa nthawi yopuma vulani jombo, pukutani mapazi, apitidwe mphepo kwa mphindi zochepa, kenaka valani ouma. Pochapa, atembenuzeni kunja kukhale m'kati, popeza litsiro la khungu limakanirira m'katimo, ndipo aume padzuwa mpaka gwa. Kuvala jombo popanda sokosi kumangokulitsa vutoli.

Posamba, madzi a sopo otsika kuchokera m'thupi sakwanira. Phazi lisambitsidwe palokha, chala ndi chala, ndipo khungu lokhuthala la kuchidendene lipalidwe pang'ono ndi mwala wotsukira mapazi, chifukwa ndicho chakudya cha mabakiteriya. Kenaka pukutani pakati pa zala zonse mpaka pouma musanavale chilichonse. Zikhadabo zikhale zazifupi. Mafuta okhuthala odzola musawapake pakati pa zala, amatsekera chinyezi. Perefyumu wopopera m'jombo amangosakanikirana ndi fungo, sachotsa chimene chikulibweretsa.

Pali anthu ena amene mapazi awo amachita thukuta kwambiri ngakhale kukuzizira, ngakhale atangokhala. Amenewa angathandizidwe ndi mankhwala ochepetsa thukuta okhala ndi aluminiyamu kuloraidi wa 20 peresenti, opezeka m'mafamase ena. Amapakidwa usiku pogona, pakhungu louma bwino lopanda bala, n'kutsukidwa m'mawa. Poyamba ndi usiku uliwonse, ndipo thukuta likachepa, kamodzi kapena kawiri pa sabata kumakwanira. Akapakidwa pakhungu lonyowa kapena long'ambika amawotcha.

Odwala matenda a shuga asayese zodzichiza okha. Mapazi awo nthawi zina samva kupweteka, ndipo kamng'alu ka pakati pa zala kangasanduke chilonda chachikulu munthu asakudziwa. Iwo asapale khungu ndi mwala kapena lezala, ndipo aziyang'ana mapazi awo tsiku lililonse. Kwa wina aliyense, phazi likatupa, likafiira n'kumatentha, likatuluka mafinya, kapena mwatsata zonsezi kwa mwezi wathunthu popanda kusintha, pitani kuchipatala, ndipo musachite manyazi kuvula jombo pamaso pa dokotala.

Inunso olemba anthu ntchito, wantchito amene mwamupatsa jombo peyala imodzi kuti avale masiku onse sangathe kuiumitsa. Mpatseni ziwiri, ndi mpata wosintha masokosi pakati pa ntchito.